“Ndimasoka” kapena “amasoka”? Mafunso ndi mayankho pa kambiri kodzifotokozera

Mukayenda m'misewu ya ku Area 36 n'kumawerenga zikwangwani za pa makoma, mupeza kuti pafupifupi zonse zimalankhula mofanana: “Timawotcherera mageti ndi mafelemu”, “Timasoka mayunifomu”, “Timakonza mafoni”. Wolemba chikwangwani safunsa n'komwe kuti alembe bwanji, chifukwa mwini ntchito amakhala ali pompo, pansi pa chikwangwanicho, ndipo wodutsa akumuona ndi maso. Vuto limabwera mmisiri yemweyo akatsegula WhatsApp Business, Facebook kapena LinkedIn, n'kupeza kabokosi kolembedwa About kakumudikira kuti anene kuti iye ndi ndani. Apa ambiri amaima. Ena amalemba ngati akulankhula okha, ena amadzilemba ngati akunenedwa ndi munthu wina, ndipo ena amasakaniza zonse m'ndime imodzi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndakhala ndikufunsidwa ndi anthu omwe ndinawathandizapo kulemba kambiri kotere.

Kodi kusiyana kwenikweni kuli pati, poti nkhani ndi yomweyo?

Kusiyana kuli pa amene wowerenga akumumva akulankhula. Mukalemba kuti “Ndimasoka madiresi a ukwati”, wowerenga akumva mawu anu, ngati mwamuyankha pa foni. Mukalemba kuti “Mayi Uje amasoka madiresi a ukwati”, wowerenga akumva munthu wina amene waima pakati pa inu ndi iye, akukulozani ndi chala.

Ife kuno timaidziwa bwino ntchito ya munthu woima pakatiyo. Pa chinkhoswe, mnyamata saimirira kuti afotokoze yekha za khalidwe lake, amamulankhulira ankhoswe. Pa mwambo, mlendo wolemekezeka sadzitchulira yekha maudindo. Amatchula ndi wotsogolera mwambo, kenako mlendoyo amaimirira n'kuyamba ndi “Ndathokoza”. Pa maliro, mbiri ya malemu amawerenga ndi wachibale. Konseko pamakhala munthu weniweni, wodziwika, amene akulankhulira mnzake, ndipo mawuwo amalemera chifukwa cha iyeyo. Choncho funso loti mudzifunse musanalembe ndi ili: pamalo pamene kambirika kakawerengedwe, kodi alipo amene akundilankhulira? Ngati alipo, monga kampani, chipatala, sukulu, okonza msonkhano kapena osindikiza buku, mawu a “iye” kapena “iwo” akhala bwino. Ngati palibe, ndiye kuti mwavala chovala cha ankhoswe pa ukwati wanu womwe, ndipo wowerenga amazindikira.

Nanga bwanji m'Chichewa nkhaniyi imaoneka yovuta kuposa m'Chingerezi?

Chifukwa wolemba m'Chingerezi amasankha pakati pa zinthu zitatu zokha, pamene ife tili ndi zinayi: ine, ife, iye ndi iwo. Ndipo chilichonse mwa zinayizi chimanyamula ulemu wake.

Taonani chimene chimachitika munthu akafuna kudzilemba ngati akunenedwa ndi wina. Mneni payekha sasonyeza vuto, chifukwa “amasoka” angakhale wa munthu mmodzi, wa anthu ambiri, kapena wa munthu mmodzi wolemekezeka. Koma ndime siyingathe popanda kufika pa mawu ngati “ntchito yake” kapena “ntchito yawo”, ndipo apa simungathawe. Mukalemba kuti “Uje anayamba ntchito yake mu 2015”, mwadzitchula ngati mwana, kapena ngati munthu wa m'nkhani ya pa nyuzi. Mayi wa zaka makumi asanu, amene ku tchalitchi ndi kumudzi amatchulidwa ndi ulemu, amamva kuwawa kudziona atalembedwa choncho. Mukalemba kuti “A Uje anayamba ntchito yawo mu 2015”, mwadzipatsa nokha ulemu umene mwa chikhalidwe chathu umachokera kwa ena. Munthu sadziitana yekha kuti “a”. Ngati ndime imeneyi ili m'kabuku ka msonkhano, palibe cholakwika, popeza aliyense akudziwa kuti akulemekezayo ndi wokonza msonkhano. Koma ikakhala pa nambala yanu ya WhatsApp, pamene aliyense akudziwa kuti foni ili m'thumba mwanu ndipo munalemba ndinu, “a” ameneyo amamveka ngati kudzikweza.

Ichi n'chifukwa chake ndimauza amisiri ambiri kuti m'Chichewa mawu a “ine” ndi amene ali odzichepetsa. Ambiri amaganiza mosiyana. Amati kunena “ine, ine” ndi kudzitama, ndiye amathawira kwa “iwo”, osadziwa kuti athawira komwe kuli kudzitama kwenikweni. Komanso m'Chichewa simufunika kubwereza liwu loti “ine”. Ka “ndi-” ka kumayambiriro kwa mneni kamakwanira. “Ndimasoka”, “ndinaphunzira”, “ndimabwera” ndi mawu ofatsa. Amene amabaya m'khutu ndi “Ineyo ndine katswiri”.

Ndine mmisiri wa magetsi, ndimagwira ndekha. Ndilembe bwanji?

Tiyeni titenge chitsanzo chimenechi n'kuchisenda bwinobwino. Tiyerekeze kuti mmisiri wina wa ku Area 36 walemba chonchi pa tsamba lake:

“Bambo Uje ndi katswiri wodziwika bwino pa nkhani zamagetsi mu mzinda wa Lilongwe. Iwo ali ndi luso lapamwamba komanso ndi okhulupirika. Timagwira ntchito zonse zamagetsi. Ndiimbireni nthawi ina iliyonse.”

Ndime imeneyi ili ndi ziganizo zinayi koma muli anthu atatu olankhula. M'ziganizo ziwiri zoyamba akulankhula munthu wosadziwika amene akuyamikira Bambo Uje. M'chachitatu mwatulukira gulu. M'chachinayi mwiniwake wavula chigoba n'kunena kuti “ndiimbireni”. Wowerenga akafika pamenepa amadziwa kuti amene amati “katswiri wodziwika bwino” uja ndi mwini wake yemwe, ndipo mawu onse oyamikira aja amasanduka mankhusu.

Tsopano taganizirani amene akuwerenga. Ndi mayi amene wangomaliza kufolera nyumba yake ya zipinda zitatu, akufuna mawaya aikidwe kuti akalembetse magetsi ku ESCOM. Mantha ake ndi atatu. Akuopa kuti mmisiri adzalandira ndalama ya zipangizo n'kuzimitsa foni. Akuopa kuti adzagula mawaya otchipa, opyapyala, amene amatentha akalumikiza mbaula kapena ayironi. Akuopanso kuti ntchitoyo idzakanidwa chifukwa woigwira alibe chilolezo. Mawu akuti “luso lapamwamba” sayankha ngakhale chimodzi mwa zitatuzi. Chimene mayiyu akufuna ndi lonjezo, ndipo lonjezo silinenedwa m'mawu a munthu wina. Simunganene kuti “Bambo Uje akulonjeza” n'kumveka ngati mwalonjeza. Lonjezo limafuna “ndi-”.

Ndime yomweyo itha kulembedwa motere:

“Ndimaika mawaya a magetsi m'nyumba zatsopano, ndimakonza masoketi ndi masuwichi owonongeka, komanso ndimalumikiza sola ya pakhomo. Ndinayamba ntchitoyi mu 2015, ndili ndi satifiketi ya Giredi 1 ya mayeso a zaumisiri komanso chilolezo cha MERA, ndipo ndimakuonetsani mapepalawa ndisanayambe ntchito. Ndimabwera kudzaona nyumba ndisanatchule mtengo. Zipangizo timakagula limodzi, kapena mumagula nokha potsatira mndandanda umene ndakulemberani. Ndimakhala ku Area 36 ndipo ndimafika ku Biwi, Kawale ndi Area 23. Mukaimba, ndiyankha ndine.”

Onani kuti mulibe liwu ngakhale limodzi lodziyamikira. Mulibe “katswiri”, mulibe “wokhulupirika”. M'malo mwake muli zinthu zimene mayi uja angathe kuziyesa: pepala loti alione, ulendo wobwera kudzaona nyumba, mndandanda wa zipangizo. Onaninso “timakagula limodzi”. Ameneyu ndi “ife” woona, chifukwa akunena za mmisiri ndi kasitomala, osati gulu la m'maloto. Chenjezo limodzi lokha: lembani mapepala amene mulidi nawo. Ngati muli ndi Giredi 2, lembani Giredi 2. Ngati munaphunzira pamanja kwa mmisiri wina ndipo mulibe pepala, nenani zaka zimene munakhala naye, ndipo musatchule chilolezo chimene mulibe. M'mawu a “ine” bodza limakhala lanu lenileni, mulibe pobisala.

Malangizo amenewa ndi a aliyense amene kasitomala adzakumana naye maso ndi maso ndi kumupatsa ndalama m'manja kapena pa Airtel Money ndi Mpamba: telala, kalipentala, wowotcherera, woluka tsitsi, wophika makeke a ukwati, wojambula zithunzi, mphunzitsi wophunzitsa ana pakhomo. Onsewa chimene akugulitsa ndi manja awo ndi mawu awo.

Koma kunena “ife” kumapangitsa bizinesi kuoneka yaikulu. Palakwika chiyani?

Palibe cholakwika ngati mulidi angapo. Malo owotcherera amene ali ndi mwini ndi anyamata atatu ndi “ife” ndithu. Ndipo pa chikwangwani cha pa khoma “timasoka” ndi chizolowezi chathu. Palibe amene amadabwa akalowa n'kupeza telala mmodzi ndi makina ake. Ndi kalankhulidwe kaulemu, ngati mmene munthu mmodzi amayankhira kuti “Tili bwino, kaya inu”.

Zimavuta “ife” akayamba kulonjeza mphamvu zimene palibe. Ndinaziona ndekha pamene denga la kunyumba kwathu linayamba kudontha nthawi ya mvula. Ndinapeza nambala pamene panalembedwa kuti “Ndife gulu la akatswiri, timafika ndi zipangizo zathu zonse”. Amene anabwera anali mnyamata mmodzi pa kabaza, atanyamula hamala ndi misomali m'jumbo, ndipo makwerero tinakabwereka kwa aneba. Ntchito anaigwira bwino, denga silinadonthenso. Koma mphindi zoyamba zija ndinali nditakwiya kale, ndikumuyang'ana ngati wandinamiza, ndipo ndinatsala pang'ono kumubweza. Akanalemba kuti “Ndimakonza madenga odontha, ndimabwera ndekha, mundikonzere makwerero”, ndikanamulandira ndi mtima wina. Mawu amene ankaganiza kuti amukweza ndi amene anatsala pang'ono kumulanda ntchito.

Njira yabwino kwa amene ali ndi omuthandiza apo ndi apo ndi kunena mmene zilili: “Ntchito zing'onozing'ono ndimagwira ndekha, ikakhala yaikulu ndimabwera ndi anzanga awiri.”

Nanga ndani amene mawu a “iye” kapena “iwo” amamukhala?

Amakhala aliyense amene mbiri yake idzatengedwa ndi anthu ena n'kukaikidwa pena, kapena kuwerengedwa mokweza iye atakhala pampando.

Woyimba ndiye chitsanzo chomveka kwambiri. Okonza zoimbaimba ngati Tumaini Festival ya ku Dzaleka kapena Lake of Stars akamalengeza amene adzaimbe, amafuna kandime koti akaike pa zofalitsa zawo monga kalili. Mtolankhani amafunanso komweko, wowulutsa mawu pa wailesi chimodzimodzi. Woyimba akawatumizira ndime yoyamba ndi “Ndinabadwira ku Lilongwe”, ndiye kuti wawapatsa ntchito yoti ayambe kusintha mneni aliyense, ndipo posintha m'pamene dzina la chimbale kapena chaka zimalakwika. Akatumiza yoti “Uje ndi woyimba wa ku Lilongwe”, amangoikopera. Kwa oyimba nkhani ya ulemu ija sivutanso kwenikweni, popeza dzina la pa nsanja limatchulidwa lopanda “a”. Anthu ankati “Soldier” ponena za malemu Lucius Banda, ndipo panalibe chipongwe.

Wolemba mabuku ndi chimodzimodzi: kambiri ka kuchikuto cha kumbuyo kamalembedwa ngati akunena ndi wosindikiza, ngakhale kawirikawiri wolembayo ndi amene amakakonza. Palibe chinyengo pamenepa, chifukwa wosindikiza wavomera kuika dzina lake pa chikuto chomwecho. Wokalankhula pa msonkhano ku Bingu International Convention Centre amatumiza mbiri yoti wotsogolera mwambo akawerenge. Mphunzitsi wa ku yunivesite, pa mndandanda wa aphunzitsi a dipatimenti yake, amalembedwa mofanana ndi anzake onse. Katswiri amene dzina lake laikidwa m'chikalata chopikisana pofuna ntchito ku bungwe kapena ku boma amalembedwanso m'mawu a “iye”, chifukwa chikalatacho chikuchokera ku kampani, ndipo muli mbiri za anthu anayi kapena asanu zimene ziyenera kumveka ndi liwu limodzi. Tangoganizani chikalata chimene munthu aliyense akuti “ine”. Wowerenga sangadziwe kuti wafika pa ine uti.

Pali phindu lina limene mawu a “iye” ali nalo, ndipo tisalibise. Amanyamula maudindo ndi mphoto mosavuta. “Analandira mphoto ya woyimba wabwino wa chaka” amamveka ngati nkhani chabe. “Ndinalandira mphoto” amafuna kusamala kuti asamveke ngati kudzitama. Munthu amene ali ndi madigiri atatu ndi mabuku asanu amapepukidwa akamatchulidwa ndi wina.

Dokotala, namwino, loya ndi wowerengera ndalama ali mbali iti?

Amenewa ali pakati, ndipo m'pofunika kuwapatsa nthawi. Munthu akamafuna dokotala kapena loya sadalira lonjezo la munthuyo lokha. Amadaliranso bungwe limene linamuvomereza ndipo lingathe kumulanda chilolezo: Medical Council of Malawi kwa madokotala, Nurses and Midwives Council of Malawi kwa anamwino ndi azamba, Malawi Law Society kwa maloya, ICAM kwa owerengera ndalama. Apa ankhoswe aja alipodi. Choncho pa tsamba la kiliniki kapena la ofesi ya maloya, mbiri ya munthu aliyense imakhala bwino m'mawu a “iwo”: anaphunzira kwakuti, analembetsedwa ndi bungwe lakuti, amaona odwala masiku akuti. Ikhale youma, ya mfundo zokhazokha. Ntchito zimenezi zili ndi malamulo ake pa nkhani yodzitsatsa, ndiye mawu ngati “dokotala wabwino kuposa onse” kapena “loya amene saluza mlandu” asapezekemo, kaya alembedwa m'mawu a ndani. Kudzibisa kuseri kwa “iwo” sikusintha kuti mwadzitamanda.

Koma taganizirani mzamba amene akugwira pa kiliniki yaing'ono ya m'dera, amene amayi oyembekezera adzamuululira zinthu zimene sanauzepo ngakhale amuna awo. Kapena mlangizi wa za m'mabanja, kapena wothandiza anthu ovutika maganizo. Wobwera kwa anthu amenewa amafuna kudziwa mapepala, inde, koma amafunanso kumva ngati munthuyo ndi wofikirika. Kwa otere ndimakonda mbiri ya magawo awiri olekanitsidwa moonekera. Pamwamba, mizere iwiri ya dzina, maphunziro ndi bungwe lowavomereza, m'mawu a kiliniki. Pansi pake, atadumpha mzere, mawu a mwiniwake: “Mukabwera koyamba timakhala pansi n'kucheza kaye. Zimene mwandiuza zimathera m'chipinda momwemo.” Kusakaniza kumene ndinakudandaula kwa mmisiri wa magetsi kuja kunali koipa chifukwa kunachitika mwangozi m'ndime imodzi. Kuno wowerenga akuona pamene kiliniki yalekezera ndi pamene munthu wayambira, monga mmene wotsogolera mwambo amaperekera maikolofoni kwa mlendo.

Ndikufuna ntchito. Pa LinkedIn ndilembe ngati pa chikalata cha mbiri ya maphunziro?

Ayi. Pa LinkedIn dzina lanu ndi chithunzi chanu zili pamwamba, ndipo aliyense akudziwa kuti tsambalo ndi lanu. Lembani m'mawu a “ine”. Kumeneko kabokosi ka About kamalola zilembo 2,600, koma wowerenga amangoona mizere yochepa yoyamba asanadine kuti aone zotsalazo. Mukawononga mizere imeneyo pobwereza dzina lanu limene lili kale pamwamba, mwataya malo abwino kwambiri. Yambani ndi ntchito: chimene mumachita, mwachichita kuti, kwa zaka zingati. Wachinyamata amene wangomaliza maphunziro a zaumisiri pansi pa TEVETA asaope kulemba mwachindunji kuti anaphunzira chiyani, anakayesera ntchito pa malo otani, ndipo akufuna ntchito yanji. Akadzilemba ngati nduna, ndi “iwo” ndi mawu akuluakulu, mpata wa pakati pa mawuwo ndi zaka zake umaonekera kwambiri.

Chikalata cha mbiri ya maphunziro ndi ntchito chili ndi kalembedwe kake. M'Chingerezi anthu amachotsa mlowam'malo n'kungoyamba ndi mneni. M'Chichewa njira imeneyo palibe, popeza mneni wathu sayenda wopanda mwini. “Ndinayang'anira” kapena “anayang'anira” aliyense waulula kale wolankhula. Chimene tingachite ndi kugwiritsa ntchito “ku-”: “Kuyang'anira antchito asanu ndi mmodzi”, “Kusunga mabuku a ndalama”. Kameneka kamathandizanso pamene malo achepa kwambiri, monga pa Instagram pamene amalola zilembo 150 zokha. “Kusoka madiresi a ukwati ndi mayunifomu a sukulu, Area 36, Lilongwe” yakwana, ndipo funso la ine kapena iye silinabuke n'komwe.

Abusa ndi andale bwanji?

Pa chikwangwani cha msonkhano wa chitsitsimutso kapena m'kabuku ka mpingo, akulankhula ndi mpingo, ndiye “Abusa Uje” ndi “iwo” zili m'malo mwake. Pa tsamba lawolawo, pamene nkhosa zimawalembera usiku zikavutika, alankhule okha. Wandale nayenso: zikwangwani za ofuna ukhansala ndi uphungu zimene tinaziona chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chisanachitike zinkanena za munthuyo ngati akunenedwa ndi chipani kapena omutsatira. Koma pofotokoza zimene adzachite pa za ngalande, misewu ndi zinyalala za m'dera, wovota amafuna kumva “ndidzachita”, kuti mawa adzakhale ndi pomugwira.

Ngati ndimagwira ntchito ziwiri, kapena mbiri yanga imafunika m'malo osiyanasiyana?

Sungani mbiri ziwiri m'foni mwanu, ndipo muzilembe tsiku limodzi kuti mfundo zake zifanane. Mayi amene amasoka ku Area 36 koma nthawi zina amaitanidwa ndi mabungwe kukaphunzitsa atsikana kusoka akufunika zonse ziwiri. Ya makasitomala iyambe ndi “Ndimasoka”. Ya mabungwe iyambe ndi dzina lake lonse, itchule zaka ndi malo amene waphunzitsako, ndipo ikhale yoti munthu angathe kuiwerenga mokweza osapuma kawiri, mwina mawu makumi asanu kapena asanu ndi limodzi.

Posintha kuchoka ku ina kupita ku inzake, kusintha “ndi-” kukhala “a-” sikukwanira. Pali ziganizo zimene zimakhala moyo m'mawu amodzi okha. “Mukaimba, ndiyankha ndine” sichingasanduke “Mukaimba, ayankha ndi iwo” popanda kumveka zachilendo. M'mbiri ya mabungwe chingochotsedwa. Nacho chiganizo chotchula mphoto kapena maudindo chimene chinakhala bwino m'mawu a “iwo” chimafunika kufupikitsidwa, kapena kusiyidwa, mukabwerera kwa “ine”. Ndipo mu mbiri ya “iwo” sankhani kamodzi pakati pa “yake” ndi “yawo”, n'kukhala pomwepo mpaka kumapeto. Ndaonapo timabuku ta misonkhano mmene munthu wayamba ali “iwo”, pofika mzere wachitatu wasanduka “iye”, ngati wachotsedwa udindo ali m'njira. Ngati m'kabukumo muli anthu angapo, onse alandire ulemu wofanana; musalembe “a” kwa bwana n'kumuchotsa kwa wachinyamata amene ali pa mndandanda womwewo.

Zaka nazo zimakalamba. Mukalemba kuti “ndagwira ntchitoyi zaka zisanu ndi zitatu”, chaka chamawa ndime yanama. Lembani chaka chimene munayamba, monga anachitira mmisiri wathu uja, ndipo wowerenga awerengera yekha.

Ndingadziwe bwanji kuti ndasankha molakwika?

Pali njira ziwiri zimene sizifuna ndalama. Yoyamba, werengani ndimeyo mokweza pamaso pa munthu amene amakudziwani, mchemwali wanu kapena mnzanu wa pa ntchito, muli chiimire ngati mukulankhula ndi kasitomala. Ngati pakamwa pakulemera pofika pa “Iwo ndi katswiri”, kapena mnzanuyo wayamba kumwetulira, ndiye kuti mwadzilankhulira m'mawu a munthu amene kulibe. Yachiwiri ndi yotembenuza: mupatseni mnzanuyo kuti awerenge mokweza ngati akukulandirani pa msonkhano. Ngati akukakamizika kusintha mawu ali m'kati mowerenga, ndiye kuti mbiri imene mwatumiza kwa okonza mwambo ndi ya “ine” pamene amafuna ya “iwo”.

Chizindikiro china chimabwera chokha kuchokera kwa makasitomala. Mvetserani mawu oyamba a anthu amene akuimba atawerenga tsamba lanu. Akamayamba ndi “Ndimafuna ndilankhule ndi abwana anu” kapena “Kodi a Uje alipo?” pamene foni mwayankha ndinu mwini, ndime yanu yawauza kuti pali ofesi ndi mlembi. Mudzayamba kucheza kulikonse ndi kufotokoza kuti a Ujewo ndinu nomwe, ndipo kasitomala adzayamba ndi kukonza chithunzi chimene anali nacho m'mutu, m'malo mokamba za mawaya a m'nyumba yake. Akamayamba ndi “Ndawerenga kuti mumabwera kudzaona nyumba kaye, mungabwere Loweruka?”, ndimeyo yagwira ntchito yake.